Mawu Aang'ono pa Paketi ya Bisiketi

Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa mkombaphala wa pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Inali nyumba ya zipinda ziwiri kumunsi kwa malayini a antchito, pafupi ndi shedi yoyezerapo tiyi. Amayi othyola tiyi ankatisiyira ana m'mawa kusanayere bwino n'kudzawatenga akamaliza sikelo yamadzulo. Tinalipo awiri: ine ndi mayi wina wachikulire amene ankaphika. Ine anandilemba chifukwa ndinafika Fomu 2. Ndinkasunga kiyi wa kachipinda ka zakudya, ndipo chilichonse chobwera m'paketi kapena m'katoni ndinkayamba ndachiwerenga ana asanadye.

Mwa ana athu munali kamtsikana ka zaka zinayi, kochepa thupi, kokonda kuyenda katagwira nsonga ya chitenje changa. Mayi ake anachokera kumudzi wina cha ku Khonjeni, bambo ake anapita ku Mozambique osabweranso. Tsiku loyamba mayiyo sanathamangire kumunda ngati anzawo. Anamasula buku la kuchipatala la mwanayo m'kapulasitiki n'kundipatsa.

"Achemwali, ine sindiwerenga," anatero, "koma adokotala analemba m'menemo. Mwanayu asadye mtedza. Kaya wokazinga, kaya nsinjiro, kaya chiponde, ngakhale kunyambita."

Anandiuza kuti atamulawitsa phala la nsinjiro ali khanda, nkhope inatupa mpaka maso anatsekeka. Ulendo wachiwiri anangoluma kamtedza kamodzi pabwalo, mpweya unayamba kuvuta, anagona m'chipatala masiku awiri. Abale ankati ndi zamatsenga, koma dokotala wa pa kiliniki ya esiteti anati thupi la mwanayo limadana ndi mtedza, ndipo tsiku lina likhoza kumupha.

Dokotala yemweyo ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga paketi. Ankabwera kamodzi pamwezi kudzayeza ana, ndipo tsiku lina anakhala nane pakhonde atatenga paketi ya mkaka wa ufa. Anandionetsa kuti madeti amakhala awiri. Yolembedwa MFD ndi tsiku limene chakudyacho chinapangidwa. Yolembedwa BB kapena EXP ndi imene tiyenera kuyang'ana kuti tidziwe ngati nthawi yake yadutsa. Kenako anandionetsa mndandanda wa zimene zili m'kati, nati chochuluka amayamba nacho, chochepa chimathera kumapeto. Za zilembo E zokhala ndi manambala anati ndi zinthu zowonjezera: zina zopatsa mtundu, zina zofufumitsa, zina zoletsa kuwonongeka msanga.

"Koma za mwana uja, muziyang'ana mawu amodzi awa," anatero, n'kulemba pachikuto cha kaundula wanga ndi zilembo zikuluzikulu: GROUNDNUTS.

Mawu amenewo ndinkawadziwa kale kuchokera ku pulayimale. Ndinkawafufuza pa paketi iliyonse ndi chala. Mwanayo anali ndi mbale yake, sipuni yake, ndipo tsiku lothira nsinjiro m'phala tinkamuphikira lake m'kapoto kena ndi mthiko wina. Chaka chinatha osadwalapo.

Ndiye kunabwera njala ya 2005 ija. Pofika Novembala ana ambiri ankabwera asanadye kanthu kuyambira dzulo lake masana. Ofesi inayamba kutitumizira makatoni a mabisiketi, ochokera kunja, m'mapaketi achikasu okhala ndi chithunzi cha ngala ya tirigu. Paketi ya m'katoni yoyamba ndinaiwerenga bwinobwino: ufa wa tirigu, shuga, mafuta, mkaka, soya, mchere, ndi ma E angapo. Mtedza munalibe. Ndinakamuonetsanso dokotala, nati ndi abwino. Kamtsikana kaja kanadya mabisiketi amenewo miyezi iwiri, awiriawiri patsiku. Kankadya pang'onopang'ono, kuyambira m'makona.

Mu Januwale mvula inalimba, tiyi anaphuka kwambiri, amayi ankaweruka mochedwa. Ufa wathu wa phala unatha Lachiwiri, ndipo thirakitala yobweretsa wina sinathe kukwera msewu chifukwa cha matope. Lachinayi amuna awiri anasenza makatoni atatu a mabisiketi pamutu kuchokera ku sitolo ya divishoni, ndiye kuti gawo lathu la esiteti. Lachisanu m'mawa, cha m'ma naini, ndinatsegula imodzi.

Paketi inali yomweyo, yachikasu, ngala ya tirigu yomweyo. Ndinayang'ana madeti: yopangidwa mwezi wa khumi chaka chongotha, yabwino mpaka mwezi wa khumi chaka chimene tinali. Ndinatembenuza n'kuyamba mndandanda ndi chala. Tirigu, shuga, mafuta. Pamalo achinayi panali mawu amene sindinawaonepo pa mapaketi akale: peanut flour. Pansi pa mndandanda panalinso mzere wina waufupi, wakuda kwambiri kuposa inayo, wonena kuti muli tirigu, mkaka, soya ndi peanuts.

Sindinganame kuti sindinaone. Ndinaona, ndinaima. Ndinatsegula kaundula n'kuyerekeza ndi mawu a dokotala aja. Sanafanane. Ndinakumbuka kuti kusukulu nandolo tinkati pigeon peas, khobwe cow peas, ndiye ndinati ichi ndi china cha mtundu womwewo, nyemba zakunja zimene athira kuti ana akhute. Kachidutswa kakumapeto kaja, nut, kanandikayikitsa pang'ono. Koma ndinadziyankha ndekha kuti kokonati nayenso amathera choncho, ndipo si mtedza.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa mayi ophika aja ali pakhomo.

"Pali mawu achilendo, amayi."

"Deti yatha?"

"Deti ili bwino."

"Nanga mawu a mtedza aja alipo?"

"Palibe."

"Ndiye apatsenitu ana, akulira kunjaku."

Sindiwaimba mlandu. Iwo anafunsa mafunso oyenera, ine ndinayankha zimene ndinkadziwa. Ndikanatha kumusiya mwana mmodziyo osamupatsa mpaka titafunsa dokotala. Koma m'nyumbamo munalibe chakudya china chilichonse, ndipo iye anali kutsogolo kwa mzere, manja awiri atatambasula monga tinawaphunzitsira. Ndinamupatsa awiri.

"Zikomo anti," anatero.

Sindinamalize ngakhale mzere. Ndinamva kutsokomola, ndipo nditacheuka ndinamuona akukanda khosi ndi manja onse. Bisiketi imodzi inali itatha, ina yolumidwa pakona inali pansi. Milomo inali itayamba kutupa, m'khosi ndi m'mikono mutatuluka zidzolo zikuluzikulu. Anasanza pamkeka. Kenako mpweya unayamba kulira ngati kawenzulo akamakoka.

Ndinamunyamula kumsana osamanga n'komwe chitenje bwino. Mayi ophika anakuwira amayi othyola m'munda wapafupi kuti akaitane mayi ake, amene tsikulo anali kumunda wakutali kuseri kwa damu. Kiliniki inali kutsidya la mtsinje, ulendo wa theka la ola kwa munthu woyenda bwino pouma. Ine ndinathamanga m'matope. Patapata imodzi inatsala pamlatho. Pamsewu waukulu ndinapeza bambo wa kabaza, ndipo anangoona nkhope ya mwanayo n'kutikweza osafunsa kanthu. Pachitunda njinga inakana, tinatsika, iye anatenga mwana m'manja n'kuthamanga, njinga anaisiya m'ngalande.

Tili panjinga paja mwanayo ankandifinya mapewa. Tisanafike pachitunda zala zake zinamasuka. Ndinamva zimenezo kumsana kwanga, koma sindinamuuze bambo uja.

Dokotala anamugoneka patebulo, anamubaya jakisoni pantchafu, anamupumira m'kamwa, anamukanikiza pachifuwa. Anabayanso wina. Anachita zimenezo nthawi yaitali, thukuta likudontha, namwino akuwerenga mokweza. Pamapeto anaimirira n'kutseka chitseko. Mayi a mwanayo anafika pambuyo pake, adakali ndi pulasitiki ya mvula m'chiuno, manja akuda ndi utomoni wa tiyi. Za mmene analirira sindilemba.

Maliro anapita ku Khonjeni Lamlungu. Ine sindinapite. Amuna anga, amene ankagwira ntchito yolongedza tiyi ku fakitale, anandiletsa chifukwa nkhani inali itafala kale m'malayini. Kapitawo wa divishoni yathu anali atatola paketi pa mkombaphala, nawerenga deti yoyamba ija, ya mwezi wa khumi, n'kuuza anthu pa sikelo kuti mabisiketi anaekisipaya miyezi itatu yapitayo. Ena anawonjezera kuti abwinowo ndinagulitsa kumsika n'kubweretsa owola. Mnyamata wina wa sekondale anawerengera amayi ma E aja n'kuwauza kuti ndi manambala a poizoni. Loweruka, tsiku la Sabata, nditapita kutchalitchi, benchi yanga inakhala yopanda munthu mbali zonse ziwiri. Pamjigo amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika.

Lolemba anatiitana ku ofesi ya divishoni: ine, mayi ophika, kapitawo, dokotala ndi bwana wa divishoni. Panja panali amayi ambiri amene anakana kulowa m'munda. Amuna anga anapempha chilolezo ku fakitale n'kubwera kudzaima pakhomo. Patebulo panali mapaketi awiri, ya m'katoni yakale ndi ya m'katoni yatsopano.

Kapitawo anayamba ndi deti yake. Dokotala anamusiya amalize, kenako anamupatsa paketi.

"Werengani zilembo zitatu zili kutsogolo kwa deti imeneyo, akapitawo."

"M, F, D."

"Ndi tsiku lopangidwa limenelo. Werengani mzere wapansi."

Kapitawo anawerenga. Mabisiketi anali ndi miyezi isanu ndi inayi yoti adyedwe. Za ma E dokotala anatenga imodzi ndi imodzi. E500 anati ndi soda yemweyo amene amayi amathira m'zigumu. E322 anati imachokera ku soya, imathandiza mafuta kusakanikirana ndi zina. E102 anati ndi utoto wachikasu, ndipo alipo anthu ochepa amene umawatulutsa zidzolo, koma unalinso m'mabisiketi akale amene mwanayo anadya miyezi iwiri popanda vuto. Anawakumbutsanso kuti ana ena anadya m'katoni yomweyo ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anatsegula m'mimba.

Ndinamva mtima ukutsika pang'ono. Bwana anali atayamba kale kugwedeza mutu ngati nkhani yatha. Ndiye dokotala anaika mapaketi awiriwo moyandikana, nayendetsa chala m'mindandanda yonse iwiri. Chala chinaima. Anandiyang'ana.

"Mayi, mawu awa munawaona?"

Ndikanati ayi. Ndikanati paketi inali yofanana ndi yakale, ndinangoyang'ana deti. Mayi ophika anali atayang'ana pansi ndipo ndikudziwa kuti sakananditsutsa.

"Ndinawaona," ndinatero.

"Munati ndi chiyani?"

"Ndinati ndi mtundu wa nandolo."

Dokotala anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Analankhula motsitsa, osati kwa bwana koma kwa ine.

"Ndi mtedza, mayi. Ndi dzina lina la mtedza. Mayiko ena salemba groundnuts, amalemba chonchi. Mzere wakuda uwu amaulembera anthu ngati mwana uja." Kenako anati, "Ine ndinakulemberani dzina limodzi lokha. Ndinayenera kulemba onse."

Sindinamve zimene bwana ananena pambuyo pake. Ndimakumbuka kuti ndinkayang'ana kalendala ya pakhoma.

Bwana anafuna kudziwa kuti mabisiketi ofanana angasiyane bwanji m'kati, ndiponso kuti makatoni amene anapita m'madivishoni ena awadziwa bwanji, popeza kunja kwa katoni sanalembe mndandanda wa zam'kati. Apa amuna anga anapempha kulankhula ali pakhomo pomwepo. Anati ku fakitale thumba lililonse la tiyi amalidinda nambala ya gulu limene lapangidwa pamodzi, kuti wogula akadandaula adziwe kuti ndi tiyi wa tsiku liti. Anatenga mapaketi aja n'kuonetsa kumsoko, pafupi ndi madeti, chilembo L chotsatiridwa ndi manambala. Pa paketi yakale inali ina, pa yatsopano ina. Nambala yomweyo inali itadindidwa kunja kwa katoni iliyonse.

Masana amenewo amuna anga ndi dokotala anapita ku sitolo yaikulu n'kusanja makatoni potsata nambalazo. Panapezeka magulu atatu. Anatsegula katoni imodzi m'gulu lililonse n'kuwerenga paketi. Gulu lakale linalibe mtedza, magulu awiri opangidwa pambuyo pake anali nawo. Dokotala analemba nambalazo pamapepala, pamodzi ndi mayina onse a mtedza, n'kutumiza m'mikombaphala yonse ya esiteti.

Anatulukanso kukafotokozera amayi aja panja. Ena anamva. Ambiri anangomva kuti m'mabisiketi munali chinthu chimene chinapha mwana, ndipo anati ana awo asadzapatsidwenso. Makatoni anatsekeredwa m'sitolo. Anali chakudya chabwinobwino kwa mwana wina aliyense, ndipo sabata imeneyo ufa unali usanabwere. Ana anakhala pa mkombaphala ndi madzi a shuga mpaka Lachinayi.

Ine sanandichotse ntchito. Bwana anati amayi sangandisiyirenso ana, choncho ananditumiza ku nazale, kothira dothi m'timachubu todzalamo tiyi. Ndinavomera. Kumeneko munthu umakhala pansi pa mthunzi wa udzu tsiku lonse osalankhula ndi wina.

Patatha masabata atatu, Lamlungu masana, ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ndinamva odi. Anali mayi a mwana uja. Anali ataonda, kumutu atameta. Ndinawayalira mkeka koma anakhala padothi. Amuna anga anatuluka, nawapatsa moni, n'kubwerera m'nyumba osatseka chitseko.

Ndinakhala pafupi ndi mayiwo. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa paketi yachikasu yopanda kanthu, yopindidwa kanayi. Anati anakaipempha kwa dokotala.

"Akuti munalembedwa," anatero. "Ndionetseni pamene panalembedwapo."

Ndinapukuta manja, ndinaitambasula pabondo, ndinaloza.

"Apa?"

"Eya, apa. Ndi apanso pansipa."

Anaibweretsa pafupi ndi maso, nayang'ana nthawi yaitali. Anaika chikhadabo chake pamawuwo ndipo chinawaphimba onse.

"Kochepa chonchi?"

"Eya."

"Inu munakaona, achemwali?"

"Ndinakaona. Sindinakadziwe. Ndinakayika, koma ndinamupatsabe."

"Chifukwa chiyani?"

"Anali ndi njala. Munalibe china."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati m'mawa umenewo mwanayo anapempha chakudya asananyamuke, ndipo iwo anamuuza kuti akadya kwa anti. Ananena zimenezo akuyang'ana kumunda wa tiyi, osati ine. Kenako anandifunsa ngati anavutika nthawi yaitali, ngati anawaitana. Ndinawauza zonse monga zinachitikira, kuyambira pamzere mpaka pachitunda. Sanawaitane, chifukwa mawu sankatuluka. Ndinaganiza zowanamiza pamenepo, koma anali atabwera kudzamva zoona ndipo ndinawapatsa.

Ndinagwada n'kupepesa. Sanandidzutse ndipo sananditukwane. Anapinda paketi ija momwe inalili, naimanganso m'chitenje.

"Anthu akuti munagulitsa abwino," anatero ataimirira. "Ndawauza kuti asiye. Koma kuti ndakukhululukirani, sindinganene lero."

Ndinawaperekeza mpaka pamjigo. Amayi amene anali pamenepo anasiya kupopa n'kumatiyang'ana. Mayi a mwana uja anapitirira osacheuka.

Anathyola tiyi mpaka nyengo itatha mu Epulo, kenako anabwerera ku Khonjeni. Ndinamva kuti anakwatiwanso ndipo ali ndi ana awiri. Sitinaonanenso. Dokotala anapempha kusamutsidwa chaka chomwecho, ndipo asanachoke anabwera ku nazale kudzatsanzika. Tinaima pakati pa mizere ya mbande, tinakamba za mvula ndi za msana wanga umene unali utayamba kupweteka. Za mwanayo palibe anatchula.

Ku nazale ndinakhalako mpaka 2009, pamene amuna anga anapuma ntchito ndipo tinapita kumudzi kwathu ku Changata. Chaka chimenecho akomiti ya mkombaphala wa m'mudzi anabwera kudzandipempha kuti ndiziwasungira zakudya za ana, poti anamva kuti ndinagwirapo ntchito yotere. Ndinawakhazika pakhonde n'kuwafotokozera nkhani yonseyi, osasiyako kanthu. Anathokoza, nati akakambirana. Patapita masiku anasankha mtsikana wina amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4.